Bulashi yotolera titsitsi touluka pa chithunzi

Amene amakonza makadi a ukwati ndi mabana a zikondwerero amalidziwa vutoli. Kasitomala wabweretsa chithunzi cha mkwatibwi atayima pansi pa mtengo wa mango, akufuna mtengowo uchoke, kumbuyo kukhale koyera. Mapewa ndi diresi zimadulika bwinobwino, koma mukafika pa tsitsi ntchito imayima. Mukadula mowongoka, mutu umaoneka ngati wavala chisoti. Mukasiya malo, masamba amatsalira m'tsitsi.

Mu Photoshop muli chida cha ntchito imeneyi, dzina lake Refine Edge Brush Tool. Chimapezeka m'gawo la Select and Mask, lomwe linabwera mu 2016 kulowa m'malo mwa Refine Edge wakale.

Musanachigwire, dziwani chomwe chimavutitsa. Katsitsi kamodzi kouluka nthawi zambiri kamakhala kowonda kuposa kadontho kamodzi ka chithunzi. Choncho kadonthoko kamakhala ndi mtundu wosakanikira, mbali ina wa tsitsi, mbali ina wa tsamba lomwe lili kumbuyo. Ntchito ya bulashiyi ndi kuyerekeza mitundu ya munthu ndi ya kumbuyo, n'kusiya kadontho kotere kakuoneka pang'ono chabe. Pamene mitundu yasiyana kwambiri imagwira mokoma. Pamene yafanana imasokonezeka.

Kagwiritsidwe kake

Yambani ndi Quick Selection Tool, musankhe thupi ndi pakati pa tsitsi pomwe ndi pothithikana. Titsitsi ta m'mphepete tisiyeni kaye. Kenako dinani Ctrl+Alt+R kuti Select and Mask atseguke, mudine R kuti mutenge bulashiyo. Radius isapitirire 2 kapena 3 px, chifukwa ikakula imadya khutu ndi phewa.

Kulitsani kapena chepetsani bulashi ndi [ ndi ] mpaka ingokwanira kamzere ka titsitsi touluka. Iyendetseni m'mphepete mokha, pang'onopang'ono, mukukweza chala pafupipafupi kuti muone chomwe yachita. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapaka mutu wonse poganiza kuti zichita changu. Bulashi ikalowa mkati mwa tsitsi imayamba kukayikira ngakhale pomwe panali bwino, ndipo mutu umabooka.

Kuti mudziwe ngati mwaboola, dinani K. Chithunzi chisanduka chakuda ndi choyera. Munthu ayenera kuyera mbee, kumbuyo kude bii, ndipo potuwa pakhale pa titsitsi pokha. Mukaona mawanga otuwa pakati pa mutu, gwirani Alt mupake pomwepo kuti mubweze. Onaninso ndi T pa choyera ndi A pa chakuda, popeza zotsalira zina zimabisala pa mtundu umodzi n'kuonekera pa wina.

Tibwerere kwa mkwatibwi uja. Kumanzere tsitsi lake lagundana ndi thambo lowala, ndipo kupaka kamodzi kwakwanira. Kumanja lagundana ndi nthambi zakuda ngati tsitsilo. Bulashi yatola tinthambi ngati tsitsi, ndipo titsitsi totsalato tatenga kubiriwira kwa masamba.

Kubiriwirako kuli ndi mankhwala. Tsitsani Shift Edge kufika pafupifupi -10%, muchonge Decontaminate Colors, yomwe imachotsa mtundu wa masamba n'kuikapo wa tsitsi loyandikira. Musaipanikize kwambiri, imanenepetsa titsitsi n'kutisandutsa ngati phala. Pa Output To sankhani New Layer with Layer Mask kuti chithunzi choyamba chisakhudzidwe.

Pomwe chida chimalephera

Za nthambizo ndinene mosabisa: palibe batani lozilekanitsa ndi tsitsi, ndipo kubwereza kupaka n'kutaya nthawi. Zifufuteni pa masiki ndi bulashi wamba yakuda, ngakhale titsitsi teniteni tipite nawo. Kenako tsegulani leya yatsopano, mugwire Alt n'kudina pa tsitsi kuti mutenge mtundu wake, mujambule titsitsi ndi dzanja pa bulashi ya 1 kapena 2 px. Tsatirani momwe tsitsi lagonera, tina tatitali tina tatifupi, ndipo tikhale tochepa. Tikathwa kuposa tsitsi lenileni, tifewetseni pang'ono ndi Gaussian Blur.

Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp chimafika chitafinyidwa, titsitsi titasungunukira kale m'masamba, ndipo bulashi siingatole chomwe kulibe. Musanayambe ntchito, pemphani kasitomala akutumizireni chithunzicho ngati Document, kapena abwere nacho pa fulashi monga chinatulukira mu kamera.