Malangizo: Avereji ya Zokolola Isakubisireni Minda Yovutika

Malangizowa ndi anu alimi a mpunga a ku Nkhotakota, makamaka inu asungichuma a makopaletivi amene mukukonza lipoti la chaka chino.

Tiyerekeze kuti muli ndi minda isanu yofanana kukula, yonse ya Kilombero. Woyamba watulutsa matumba 14, wachiwiri 12, wachitatu 10, wachinayi 3, wachisanu thumba limodzi lokha. Onse pamodzi ndi matumba 40. Mukagawa ndi 5, avereji ndi matumba 8 pa munda, ndipo anthu pamsonkhano aomba m'manja.

Koma taonani, palibe ndi mmodzi yemwe amene wakolola matumba 8. Minda itatu yabwino ija yaphimba iwiri yovutikayo. Kawirikawiri iwiriyo imakhala ya kumathero kwa ngalande, kumene madzi amafika mochedwa, kapena ya m'mphepete mwa nyanja imene inamira. Tsono mukagamula kuti aliyense abweze ngongole ya feteleza ndi matumba awiri, mwini munda wa thumba limodzi uja alitenga kuti linalo?

Choncho, a msungichuma, mukatchula avereji, nenaninso munda wotsikitsitsa, minda ingati sinafike matumba 4, komanso mbali imene ili. Mayina a eni ake musawawerenge pagulu. Kawayendereni kumunda komweko muli ndi mlangizi.