Kusankha Rezisita ya Kababu ka LED

M'midzi yambiri yozungulira Malomo, m'boma la Ntchisi, kuwala kwa usiku kumachokera ku sola yapadenga ndi batire ya mavoliti 12. Tochi ikawonongeka, anthu aluso saitaya. Amachotsamo timababu tating'ono tija totchedwa LED kuti tiziunikira m'chipinda. Koma kababu kotere mukakalumikiza mwachindunji ku batire ya sola, kamangowala kamodzi kuti ng'ani, basi kapsa. Chimene chimasowa ndi rezisita, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokhala ndi mizere yamitundumitundu. M'phunziro lino tiona momwe mungawerengere kukula kwa rezisita yoyenera.

Chifukwa chake LED imafuna mlonda

Taganizirani madzi otsika m'paipi kuchokera paphiri. Mphamvu imene ikukankha madziwo ili ngati mavoliti, ndipo kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse kuli ngati maampeya. Rezisita ili ngati malo opanikiza paipi: ikakhala ya maomu ambiri, magetsi odutsa amachepa.

LED ili ndi khalidwe lachilendo. Mavoliti akakhala ochepa, siilola magetsi kudutsa. Akafika pa mlingo wake imayaka, ndipo akangopitirira pang'ono pokha, magetsi odutsa amachuluka mosadziletsa mpaka kababu kapsa. Mlingo umenewu umadalira mtundu wa kuwala: LED yofiira imafuna mavoliti pafupifupi 2, pamene yoyera imafuna pafupifupi 3.2. Timababu tating'ono ta miyendo iwiri nthawi zambiri sitiyenera kupitirira mamiliampeya 20. Mu tochi zina zotchipa mulibe rezisita, chifukwa timabatire take n'tofooka ndipo timadziletsa tokha. Batire ya sola ilibe chifundo chotero, chifukwa imatha kutulutsa maampeya ambirimbiri nthawi imodzi.

Samu yake

Rezisita imalumikizidwa motsatizana ndi LED, kuti magetsi omwe adutsa mwa imodzi adutsenso mwa inzake. LED imatenga mavoliti ake, ndipo otsala onse amagwera pa rezisita. Apa timagwiritsa ntchito lamulo limene Georg Ohm wa ku Germany anafalitsa m'chaka cha 1827:

R = (Vs − Vf) ÷ I

Vs ndi mavoliti a batire, Vf ndi mavoliti amene LED imatenga, I ndi magetsi amene mukufuna kuti adutse, ndipo R ndi maomu a rezisita. Chenjerani ndi I: iyenera kulembedwa m'maampeya. Ampeya imodzi ndi mamiliampeya 1,000, choncho mamiliampeya 20 ndi 0.02. Mukagawa ndi 20 m'malo mwa 0.02, yankho lidzakhala kachidutswa chabe ka omu imodzi, zomwe sizisiyana n'kusaika rezisita.

Chitsanzo: LED yoyera pa batire ya sola

Tiyambe ndi nambala yolembedwa pa batire. Tikachotsa 3.2 pa 12 patsala mavoliti 8.8, ndipo 8.8 ÷ 0.02 = 440. Rezisita sizipangidwa m'nambala iliyonse. Zopezeka kawirikawiri ndi za maomu 220, 270, 330, 390, 470, 560 ndi 680. Nthawi zonse sankhani yapamwamba yoyandikira, kuti magetsi achepe m'malo mochuluka. Apa tikadasankha 470.

Koma samuyi yabisa msampha. Batire yolembedwa 12 siikhala pa 12 nthawi zonse. Ikamatchajidwa masana dzuwa likuswa mtengo, imakwera mpaka mavoliti pafupifupi 14.4. Nthawi imeneyo pa rezisita pamagwera mavoliti 11.2, ndipo 11.2 ÷ 470 imatipatsa mamiliampeya pafupifupi 24. Kababu sikapsa pomwepo, koma kamatentha n'kukalamba msanga. Choncho werengerani mavoliti apamwamba kwambiri amene batire ingafike: 11.2 ÷ 0.02 = 560. Rezisita ya maomu 560 ilipo, ndipo mizere yake ndi wobiriwira, wabuluu ndi wabulauni. Usiku batire ikatsika kufika pa 12, padzadutsa mamiliampeya pafupifupi 16, ndipo diso silidzaona kusiyana kwenikweni.

Musaiwale kutentha

Mavoliti amene rezisita yameza sapita kwina, amasanduka kutentha. Kuti mudziwe kuchuluka kwake, chulukitsani mavoliti a pa rezisita ndi maampeya: 11.2 × 0.02 = 0.224. Amenewa ndi mawati. Rezisita zazing'ono zofala zimapirira mawati 0.25 okha, ndiye apa tafika m'mphepete mwenimweni. Ndi bwino kutenga ya mawati 0.5, yomwe ndi yonenepako pang'ono. Rezisita yolemedwa imaotcha chala, imada, ndipo mizere yake imafufutika.

Onaninso kuti pa mavoliti 14.4, LED ikugwiritsa ntchito 3.2 okha. Mphamvu yoposa magawo atatu mwa anayi ikungotayika. Kwa munthu amene batire yake iyeneranso kutchaja foni ndi kuimbitsa wailesi, kumeneku n'kuwononga.

Timababu titatu, rezisita imodzi

Njira yopulumutsa mphamvu ndiyo kulumikiza ma LED atatu motsatizana ngati mikanda, mwendo wamfupi wa yoyamba ku mwendo wautali wa yachiwiri, chimodzimodzinso yachitatu. Mavoliti awo amaphatikizana: 3.2 × 3 = 9.6. Pa 14.4 patsala 4.8, ndipo 4.8 ÷ 0.02 = 240, choncho tisankha ya maomu 270, ya mizere yofiira, yapepo ndi yabulauni. Tsopano timababu titatu tikuwala ndi magetsi omwe aja amene kamodzi kanali kudya, ndipo rezisita ikungofunda pang'ono.

Koma walira mvula walira matope. Batire ikatsika kufika pa 12, pa rezisita patsala mavoliti 2.4 okha, ndipo magetsi amatsika kuchoka pa mamiliampeya 18 kufika pa 9. Kuwala kumachepa moonekeratu. Mukaika timababu tinayi, tifuna mavoliti 12.8, ndipo usiku tidzangoti phethiphethi. Pa batire ya 12, ma LED oyera atatu ndiye malire.

Osalumikiza timababu mbali ndi mbali n'kutipatsa rezisita imodzi. Ngakhale tioneke tofanana, kamodzi kamayamba kuyaka pa mavoliti ocheperako, n'kudya magetsi ambiri kuposa tinzake. Kakapsa, katundu wake amagwera totsalato, ndipo timafa kamodzikamodzi. Mzere uliwonse ukhale ndi rezisita yakeyake.

Mudziwa bwanji kuti zili bwino?

Ngati kababu sikakuyaka, yambani mwaona miyendo. Mwendo wautali umayang'ana mbali ya + ya batire, wamfupi mbali ya −. Rezisita ilibe kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mutha kuiika ku mwendo uliwonse. Kuwala kukakhala kofooka kwambiri, maomu achuluka. LED yoyera ikayamba kuoneka yabuluu ndi kutentha, maomu achepa: zimitsani msanga.

Ngati muli ndi malitimita, yezani mavoliti pa miyendo iwiri ya rezisita kababu kakuyaka, kenaka gawani ndi maomu ake. Mukapeza 9.5 pa rezisita ya 560, ndiye kuti pakudutsa mamiliampeya 17. Njirayi siifuna kudula waya.

Zonsezi n'za mabatire ndi machaja a mavoliti ochepa. Musaziyesere pa soketi ya ESCOM, pomwe pali mavoliti 230 amene amapha munthu.

Yesani nokha

Muli ndi chaja ya foni yotulutsa mavoliti 5 ndi LED yofiira ya mavoliti 2. Mukufuna kuti padutse mamiliampeya 15. Kodi mugula rezisita ya maomu angati, ndipo ya mawati 0.25 ikwanira? Werengani kaye musanayang'ane yankho.

Yankho: 3 ÷ 0.015 = 200, choncho gulani ya maomu 220. Kutentha kwake sikufika ndi mawati 0.05 omwe, ndiye yaing'ono ija ikwanira.