Za Kugula Kambuzi, Kukadyetsa ndi Kukagulitsa Katakula

Abale, ambiri a ife okhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota timamva kuti wogula kambuzi ndi kukasunga miyezi ingapo apindula. Mau awa ndi oona, koma phindu lake ndi laling'ono, ndipo lithawa msanga munthu wosawerengera. Tsono mwezi uno tiphunzire chiwerengero chake.

Tiyambe ndi kugula. Tisankhe kamphongo ka miyezi 7 kapena 8, kolemera ngati makilogalamu 12, pakuti mbuzi ya msinkhu uwu ikali kukula, ndipo chakudya chake chisanduka mnofu. Msinkhu tiudziwa poona m'kamwa: mano onse akutsogolo akakhala aang'ono, isanatuluke awiri aakulu apakati, mbuziyo ikali mwana. Titsitsenso chikope cha m'munsi ndi chala. Chikakhala chofiirira, magazi ali bwino. Chikakhala chotuwa ngati pepala, njoka za m'mimba zayamba kale kuidya, ndipo tiisiye ngakhale mtengo ukhale wotsika.

Chachiwiri ndicho chakudya. Udzu wokha suinenepetsa msanga. Madzulo alionse tionjezeko madeya okwana kotala la kilogalamu ndi mchere pang'ono. Tiyambe ndi dzanja limodzi ndi kuonjezera mkati mwa sabata, pakuti madeya ambiri tsiku loyamba atupitsa mimba. Ife a kunyanja tili ndi chinangwa chambiri, ndipo masamba ake amanga thupi. Koma tiwayanike tsiku lathunthu afote, chifukwa aawisi, makamaka a chinangwa chowawa, ali ndi ululu wakupha. Makoko akenso tiwaumitse kaye.

Tsopano tiwerengere, ndipo mitengo iyi ndi yoyerekeza chabe. Yense aikepo ya pamsika wa kwao. Tagula kambuzi ka makilogalamu 12 pa K40,000. Tikadyetsa bwino kaonjezera magalamu ngati 60 pa tsiku, ndipo pa masiku 150 akwana makilogalamu 9. Tsono kalemera 21. Madeya a masiku amenewa akwana makilogalamu 37 ndi theka, tinene K12,000. Mankhwala a njoka ndi mchere K5,000. Chingwe ndi ulendo wa kumsika K3,000. Zonse pamodzi ndi K60,000. Wogula akalipira pa kilogalamu monga tinalipira ife, atipatsa K70,000, ndipo phindu la miyezi 5 ndilo K10,000 basi, osawerengera thukuta la womweta udzu.

Taonani tsono choopsa. Munthu wagula mbuzi zisanu, naononga K300,000. Imodzi yafa atatsala pang'ono kugulitsa. Zinayi zotsalazo zimbwezera K280,000, ndipo wataya K20,000. Imfa ya imodzi yadya phindu la zonse. Chifukwa chake kuteteza mbuzi kuposa kuinenepetsa.

Adani ake kuno ndi awa. M'madambo a mpunga, ndi m'mbali mwa Chia ndi Bua, muli nkhono zosunga tizilombo todya chiwindi. Mbuzi yodya kumeneko iwonda ndi kutupa pansi pa chibwano. Kufupi ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota kuli kashembe, amene aipatsa nthenda yoonda ndi kufooka. Tsono tiidyetse ku mtunda mame atauma, tiimwetse mankhwala a njoka sabata lomwe tagula, ndi kuigoneka m'khola la m'mwamba, kuti isagone pa ndowe zonyowa. Mwezi uliwonse tiipime pa sikelo. Ikalephera kuonjezera kilogalamu imodzi, pali chovuta, ndipo tiitane mlangizi wa ziweto.

Chokulitsa phindu ndicho nyengo. Mbuzi zitsika mtengo mu Januwale ndi Febuluwale, pamene anthu azigulitsa kuti agule chakudya. Zikwera pa Khirisimasi, ndi pa Idi ya nsembe ya anansi athu Achisilamu, amene ali ambiri m'boma lino. Mbuzi yathu ija ikagulidwa K80,000 pa chikondwerero, phindu lasanduka K20,000. Koma ya nsembe ifunika yokwana chaka ndi yopanda chilema, ndipo tsiku la Idi lifulumira ndi masiku ngati 11 chaka ndi chaka. Choncho tiwerenge miyezi chobwerera tisanagule.

Chotsiriza, kwacha yokha isatinyenge, pakuti mu Novembala 2023 inagwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Muyeso woona ndi uwu: titagulitsa, tipatule ndalama zogulira kambuzi kena ndi madeya ake pa mtengo wa tsiku lomwelo. Chotsala m'dzanja ndicho phindu lathu.