Pepala la Mayina ndi Mafunso Ounikira Detabesi: Chida cha Magulu Aang'ono Opanga Mapulogalamu ku Machinga ndi Balaka

Chida chimene tikukudziwitsani pano ndi pepala limodzi. Kumaso kwake kumalembedwa malamulo a katchulidwe ka matebulo ndi makolamu a m'detabesi yanu, ndipo kuseri kumakhala mafunso amene mnzanu ayenera kuyankha musanasinthe chilichonse pa kamangidwe ka detabesiyo. Takonzera gulu la anthu awiri, atatu kapena anayi amene amapanga mafomu a pa tabuleti ndi kusunga kaundula wa alimi, wa magulu a banki mkhonde kapena wa mijigo. Sichifuna ndalama. Chimangofuna kuti mukhale pansi tsiku limodzi, mugwirizane, kenaka aliyense atsatire.

Vuto limene chimathetsa

Tiyerekeze kuti muli atatu ndipo mukulemba zokolola za nandolo. Mmodzi wapanga fomu ya ku Ulongwe n'kutchula kolamu yake `Yield`, ndipo alangizi akulembamo matumba. Wina wapanga ya ku Ntaja n'kuitchula `zokolola`, akulembamo makilogalamu. Wachitatu, pokonza lipoti, waona kuti zonsezi n'chimodzimodzi ndipo waziphatikiza m'kolamu imodzi.

Mlimi wa ku Ulongwe amene wakolola matumba 6 a makilogalamu 50 ali ndi makilogalamu 300, chimodzimodzi ndi mnzake wa ku Ntaja amene walembedwa 300. Koma m'lipoti muja wa ku Ulongwe aoneka ngati wakolola makilogalamu 6 okha. Kompyuta sidandaula, chifukwa 6 ndi nambala ndipo 300 ndi nambalanso. Mudzazindikira pokhapokha mutasanja manambalawo kuyambira aang'ono: mudzaona agawika pawiri, ena pansi pa 20, ena m'mahandiredi, pakati palibe kanthu. Mukaona choncho dziwani kuti miyeso iwiri yasakanikirana. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri lipoti limakhala litapita kale, ndipo wina wagamula kale kuti dera lakuti ndilo lavutika kwambiri.

Malamulo a kumaso kwa pepala

Lamulo loyamba ndi lakuti muyeso ukhale m'dzina. Musalembe `zokolola` chabe, lembani `nandolo_kg`. Musalembe `munda`, lembani `munda_ekala` kapena `munda_ha`, chifukwa alimi athu amawerengera maekala pamene malipoti a boma amakonda mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala 2.47. Ndalama nazo zikhale `mtengo_mwk`. Ngati mlimi amayankha m'matumba kapena m'ndowa, musamukakamize kuwerengera yekha. Fomu imufunse chiwerengero ndi mtundu wa muyeso padera, kenaka isinthire yokha m'makilogalamu. Dzina likanena muyeso, munthu watsopano amene adzalowe m'gulu lanu chaka chamawa sadzafunika kuyerekeza.

Lachiwiri ndi la kalembedwe: zilembo zazing'ono zokhazokha, mawu olumikizidwa ndi `_`, opanda mpata. Ili si lamulo la kukongoletsa. PostgreSQL imatembenuza dzina lililonse losatsekeredwa m'zizindikiro `" "` kukhala la zilembo zazing'ono. Mnzanu akapanga tebulo n'kulitchula `"Alimi"`, inu mukalemba `SELECT * FROM Alimi` mudzauzidwa kuti tebulo `alimi` kulibe, pamene mukuliona ndi maso. Mafomu a XLSForm, amene ODK ndi KoboToolbox amagwiritsa ntchito, nawonso salola mpata m'kolamu ya `name`. Mayina akhalenso aafupi: PostgreSQL imadula dzina likapitirira mabaiti 63, ndipo Stata, imene ofufuza ambiri amasanthulira, silola kupitirira zilembo 32. Chilembo ŵ chisungeni m'mayankho ndi m'mafunso amene mlimi akumva, osati m'dzina la kolamu.

Za chilankhulo, sankhani chimodzi. Ngati deta yanu imapita ku maofesi ena amene amalemba m'Chingerezi, n'kwanzeru kutchula m'Chingerezi. Ngati ndi yanu nokha, Chichewa chimagwira bwino ntchito. Chimene sitikufuna ndi `farmer_id` m'tebulo ili ndi `mlimi_id` m'tebulo linalo, pamene munthu wake ndi mmodzi.

Lachitatu ndilo lalikulu kwa ife a kuno, ndipo tikhalapo pang'ono.

Malo asalembedwe ndi dzanja

Mayina a madera athu amalembedwa mosiyanasiyana. Ku Balaka mfumu yomweyo ena amailemba Nsamala, ena Msamala. Ku Machinga kuli Nsanama, dzina limene wolemba wothamanga angalisokoneze ndi Nsamala, chonsecho ndi maboma awiri osiyana. Liwonde ndi dzina la tauni komanso la dera la mfumu yaikulu. Midzi yambiri imatchedwa dzina la nyakwawa yake, choncho si zachilendo kupeza midzi iwiri ya dzina limodzi m'madera osiyana. Kuwonjezera apo, Balaka idakhala boma palokha mu 1998, itachotsedwa ku Machinga. Kaundula wakale amene mungapatsidwe kuti mulowetse akhoza kuika Utale kapena Ulongwe pansi pa Machinga, ndipo sadalakwe, chifukwa nthawi imeneyo zidali choncho.

Ngati kolamu ya dera ndi yolembamo chilichonse, kompyuta idzawerenga `Nsamala`, `Msamala` ndi `TA Nsamala` ngati madera atatu, ndipo alimi a dera limodzi adzagawika patatu. Mankhwala ake ndi tebulo lapadera la madera, m'mene dera lililonse lili ndi nambala yake yosasintha, dzina limene mwagwirizana, ndi boma lake. Matebulo ena onse asunge nambalayo, osati dzina. Pa fomu mlangizi asankhe pamndandanda: akasankha boma, amuonekere mafumu a boma limenelo okha, akasankha mfumu, imuonekere midzi yake. Dzina likadzasintha kalembedwe, mudzakonza pamalo amodzi.

Samalaninso kuti madera a mafumu ndi madera a zaulimi si chinthu chimodzi. Ofesi ya zaulimi imagawa Balaka m'madera ake monga Bazale, Mpilisi, Rivirivi ndi Utale, ndipo malire ake sayenderana ndi a mafumu. Kolamu imodzi yotchedwa `dera` singanyamule zonse ziwiri. Zikhale ziwiri: `ta_id` ndi `epa_id`.

Nachi chitsanzo cha tebulo lotsatira malamulo onsewa:

```sql
CREATE TABLE zokolola (
  zokolola_id    serial PRIMARY KEY,
  mlimi_id       integer NOT NULL REFERENCES mlimi,
  nandolo_kg     numeric CHECK (nandolo_kg >= 0),
  tsiku_lofunsa  date NOT NULL
);
```

Mawu akuti `REFERENCES mlimi` amaletsa kulemba zokolola za mlimi amene sali m'kaundula. `CHECK` imakana nambala yochepera 0. Dzina la mudzi mulibemo, chifukwa mudziwo upezeka kudzera mwa mlimi.

Mafunso a kuseri kwa pepala

Amene wapanga tebulo kapena fomu asadziunike yekha. Apereke kwa mnzake, ndipo mnzakeyo ayankhe mafunso awa polemba:

1. Kodi mayina atsopanowa akutsatira malamulo a kumaso kwa pepala, ndipo palibe kale kolamu ina yosunga chinthu chomwecho?
2. Kodi mzere umodzi m'tebulo ili ukuimira chiyani, ndipo n'chiyani chikuletsa kuti ulowe kawiri?
3. Kodi mtundu wa kolamu iliyonse ndi woyenera zimene zilowemo?
4. Kodi funso likapanda kuyankhidwa palembedwa chiyani?
5. Kodi ndi mafomu ndi malipoti ati amene asokonekere tikasintha, ndipo tingabwerere bwanji pakale?

Funso lachitatu limagwira zolakwika ziwiri zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Nambala ya foni si nambala yowerengera. Zathu zimayamba ndi 0, monga 088 ndi 099, ndipo mukazisunga ngati `integer` 0 woyambayo amasowa. Excel nayo imachita zomwezo mukatsegula failo ya CSV mosasamala. Zisungeni ngati `text`. Nambala ya chiphaso cha unzika chochokera ku National Registration Bureau nayo ndi `text`, chifukwa ili ndi zilembo. Madeti akhale a mtundu wa `date`. Tsiku lolembedwa `03/04/2024` kwa ife ndi 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa kalembedwe ka ku Amereka iliwerenga 4 Malichi. Likalembedwa `2024-04-03` palibe angalisokoneze.

Funso lachinayi ndi limene anthu amalipeputsa. Kukolola 0 ndi kusafunsidwa n'zosiyana kutalitali. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala, ndipo m'chaka chotere mlimi wonena kuti sadapeze kanthu akunena zoona zimene lipoti liyenera kuonetsa. Tengani alimi asanu: wina wakolola makilogalamu 300, wina 200, wina 100, wina 0, ndipo wachisanu mlangizi sadamupeze pakhomo. Mukasiya wachisanuyo pa `NULL`, lamulo la `AVG` limamudumpha ndipo avereji ndi 150. Fomu ikamulembera 0 yokha, avereji itsika kufika 120. Ena amalemba 999 pofuna kunena kuti palibe yankho. Apo avereji idzakwera kupitirira 300. Gwirizanani kuti kusayankha ndi `NULL`, ndipo ngati chifukwa chake n'chofunika chikhale ndi kolamu yakeyake.

Malire a chidachi

Pepalali likakusonyezani kuti mayina anu akale ndi osalongosoka, musathamangire kuwasintha onse. Matabuleti amene ali kumidzi kopanda netiweki amakhala akugwiritsabe fomu yakale mpaka tsiku limene adzalumikizidwe. Mukasintha dzina la funso kalembera ali mkati, mayankho adzabwera m'makolamu awiri, akale kwina atsopano kwina, ndipo lipoti lowerenga kolamu imodzi lidzasiya alimi ena kunja osanena kanthu. Chizindikiro chake ndi chiwerengero cha mayankho chimene chatsika mwadzidzidzi tsiku losinthalo. Malamulo ayambe kugwira pa zatsopano. Zakale muzikonza kalembera akatha ndipo matabuleti onse atatumiza, mutayamba mwasunga kope la detabesi ndi `pg_dump` ndi kuyesa kusinthako pa kopelo.

Dziwaninso kuti dzina labwino siliwongola yankho labodza. Ngati thumba la mlimi silidafike makilogalamu 50, `nandolo_kg` idzakhalabe yolakwika. Imeneyo ndi ntchito ya sikelo ndi ya maphunziro a alangizi.

Pepalalo lisapitirire tsamba limodzi, kumaso ndi kuseri, chifukwa likatalika palibe adzaliwerenge. Lisungeni pamodzi ndi mafailo a pulogalamu, pamene aliyense amafikapo tsiku ndi tsiku. Mtsogoleri wa gulu akhale woyamba kupereka tebulo lake kuti liunikidwe, ndipo tebulo la madera likhale litatha musanatumize fomu ya kalembera wa zokolola za chaka chino.