Mawu a pafoni sasiya phazi

Kuno ku Palabana aliyense woweta ng'ombe za mkaka amadziwa kuti malita amene sanalembedwe m'buku ndi malita otayika. Ukafika ndi chigubu m'mawa, umaima pomwepo mpaka mlembi atayeza ndi kulemba, ndipo sudalira zoti "tikumbukira". Nanga n'chifukwa chiyani ife omwewo, tikafuna kusiya chinthu chimene timalipira mwezi ndi mwezi, timangoimba foni kamodzi n'kukagona mtima uli m'malo? Ine ndinachita zimenezo, ndipo zinandidyera K1,950.

Ndinali ndi intaneti ya pakhomo yochokera ku kampani ina ya ku Lusaka, K650 pamwezi. Polembetsa ndinasaina fomu ya DDACC, chilolezo chija chakuti kampani izidzitengera yokha ndalama ku akaunti yanga ya kubanki, pa 28 mwezi uliwonse. Ana atapita kusukulu yogonera komweko ndinaona kuti ndikungolipirira mphepo. Pa 6 Malichi ndinaimba foni. Mtsikana waulemu anandifunsa chifukwa, anandinyengerera ndi mtengo wotsika, ndinakana, iye n'kunena kuti, "Chabwino bambo, tazimva, tikonza." Ndinathokoza, ndinazimitsa rauta, n'kuiponya m'kabati.

Taonani bwino pamenepo, chifukwa ndi pomwe ndinagwera. Sindinamufunse dzina. Sindinapemphe nambala ya dandaulo, imene makampani otere amapereka munthu akaitanitsa. Sindinafunse kuti tsiku lenileni lothera ndi liti, kapena kupempha meseji yotsimikiza. Foni inangotha ngati macheza a pachitsime. Ndipo "tikonza" akutanthauza chiyani? Akonza liti, akonza ndani? Inu mukanafunsa? Ndikukayika, chifukwa tonse tinaleredwa kuti kupanikiza munthu amene wakuyankhula mwaulemu ndi mwano. Ulemu umenewo ndi umene unanditseka pakamwa.

Pa 28 Malichi anadula. Ndinati mwina ndi yomaliza. Pa 28 Epulo anadulanso, ndipo nditaimba, munthu wina anati m'kompyuta mulibe chilichonse chosonyeza kuti ndinapempha kusiya. Ndinamuuza kuti mufoni mwanga mukuoneka kuti ndinaimba pa 6 Malichi. Anandiyankha modekha kuti zimenezo zikungosonyeza kuti ndinaimba, osati zimene ndinanena. Zinandiwawa, koma ananena zoona. Anati nkhani yanga aipereka kwa akuluakulu ndipo andiimbira. Sanaimbe, ndipo pa 28 Meyi K650 ina inapita.

Musaganize kuti nthawi zonse kumakhala kuiwala kwa wantchito mmodzi. Ku America, mu Juni 2023, bungwe la boma loteteza ogula la FTC linasumira kampani ya Amazon pa nkhani ya Prime. Malinga ndi dandaulolo, wofuna kusiya ankadutsa masamba anayi, kudina kasanu n'kamodzi, n'kukumana ndi zosankha 15, ndipo m'kampanimo njirayi ankaitcha Iliad, dzina la ndakatulo yaitali ya Agiriki yonena za nkhondo. Mu Seputembala 2025 Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni kuti mlandu uthe. Khomo lolowera amalikuza dala, lotulukira n'kulichepetsa, podziwa kuti ambiri atopa panjira.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Munalembetsa pafoni m'mphindi zisanu, koma kuti musiye akuti mubwere nokha ku ofesi. Mukati mukufuna kusiya, akuyankha za kuchotsera mtengo kapena kuimitsa kaye mwezi umodzi, ndipo mukangoti "ndiganiza kaye" iwo amalemba kuti mwasintha maganizo. Tsiku lililonse mukuyankhulana ndi munthu watsopano, nkhani n'kuyambanso pachiyambi. Akukana kukupatsani chilichonse cholembedwa. Mukaona ziwiri mwa zimenezi, lekani kuimba foni, tengani pepala.

Ine ndinalitenga pa 3 Juni, mochedwa. Ndinayamba ndafukula kontirakiti imene ndinasaina osawerenga, ndipo mmenemo munali mawu oti wofuna kusiya apereke chidziwitso cholembedwa cha masiku 30 ndi kubweza rauta. Ndiye kuti ngakhale mtsikana uja akanakumbukira, foni yokha sikanakwana. Ndinalemba kalata ya mizere isanu: dzina langa, nambala ya akaunti, mawu oti ndikuthetsa mgwirizano kuyambira tsiku limenelo, kuti ndikuchotsa chilolezo chodula ndalama masiku 30 akatha, ndi pempho loti andiyankhe molemba. Ndinapanga makope awiri, ndinakwera basi ya kutauni rauta ili m'chikwama. Wa pakauntala anafuna kungolandira n'kuika m'dirowa. Ndinakana kuchoka mpaka atadinda kope langa, kulembapo tsiku ndi dzina lake, komanso nambala ya rauta ija. Madzulo ndinajambula kalata yodindidwayo n'kuitumizanso pa imelo, kuti tsiku lionekere pawiri.

Tsiku lomwelo ndinagula kope la ana asukulu la nkhani imeneyi yokha. Tsiku, nthawi, nambala imene ndaimba, dzina la wondiyankha, zimene walonjeza ndi tsiku limene wati zichitika. Ndikamaliza foni iliyonse ndinkatumiza meseji yachidule yobwereza zimene tagwirizana, chifukwa cholembedwa m'kope mwanu angathe kunena kuti mwangopeka, koma meseji imene analandira osaitsutsa njovuta kuikana.

Pali nzeru ina imene anzanga anandipatsa, ndipo ndikukuchenjezani nayo: "Ingochotsani ndalama zonse mu akaunti, aone chodula." Musayese. Kampani ikatumiza kubanki n'kupeza mulibe ndalama, banki imakulipiritsani chindapusa, ndipo mgwirizano umakhala udakalipo, ngongole ikuwerengedwa m'dzina lanu. Ngakhale kuletsa DDACC kubanki kumangotseka mpopi, sikuthetsa kontirakiti. Choyamba ndi kalata ku kampani, kenako kalata ina kubanki yoletsa chilolezocho, nayonso yodindidwa. Ine ya kubankiyo ndinazengereza nayo, poganiza kuti chidindo cha kampani chakwana.

Pa 28 Juni anadula, ndipo sindinadandaule, poti masiku 30 anali asanathe. Koma pa 28 Julayi anadulanso. Ulendo uno sindinapite manja lendee. Ndinawatumizira kalata yodindidwa ija pamodzi ndi sitetimenti ya kubanki, ndi kuwapatsa masiku 14, ndi kuwauza kuti akapanda kubweza ndikadandaula ku ZICTA, imene imayang'anira za mafoni ndi intaneti m'Zambia, ndi ku CCPC, bungwe loteteza ogula pansi pa lamulo nambala 24 la 2010. Mabungwe otere chimene amayamba kufunsa n'chakuti, kodi munadandaula kaye ku kampaniyo, ndipo umboni uli kuti? Wopanda pepala amathera pafunso lomwelo.

Sizinafike n'komwe kumeneko. Sabata isanathe K650 ya Julayi inabwerera. Nditafunsa za Epulo, Meyi ndi Juni, bwana wawo anatsegula faelo, n'kuloza chidindo cha pa 3 Juni, nati kwa iwo nkhani inayambira pamenepo. Ndikanalemba kalatayo pa 6 Malichi, chidziwitso chikanatha pa 5 Epulo, ndipo miyezi itatu ija sakanaikhudza. Anandifunsa ngati ndili ndi dzina la amene ndinayankhula naye tsiku loyamba lija. Ndinatsegula kope langa, tsamba loyamba likuyambira pa 3 Juni.