Chopepuka Chiyambe, Cholemera Chitsirize: Kadzoledwe ka Nkhope ku Lizulu

Mwera ukayamba mu Juni, khungu kuno ku Lizulu limatuwa, ndipo ambiri amathamangira vaselini, zina n'kudzola pamwamba pake. Apo m'pamene ndalama zimatayikira. Vaselini amatseka khungu ngati pepala la pulasitiki, ndiye seramu wodula sangalowe. Zamadzimadzi ziyambe, zamafuta zibwere pambuyo.

M'mawa mufunika mphindi 5 zokha. Sambani kumaso ndi kilenza, sopo wofewa wa nkhope, m'madzi ofunda pang'ono. Madzi otentha amakoma kukazizira, koma amaumitsa khungu, chimodzimodzi sopo wochapira. Nkhope ikamakoka mukasamba, sopoyo ndi waukali. Pukutani mosakhula, n'kupaka tona ndi zikhatho. Kenaka seramu, madontho 2 kapena 3. Wa vitamini C ndi wa m'mawa. Dikirani mphindi imodzi musanadzole mafuta ofewetsa khungu. Mukaona timibulu tikufufutika pankhope, mwachulutsa kapena mwapupuluma.

Otsiriza ndi mafuta oteteza ku dzuwa, a SPF 30 kapena kuposa. Kuzizira kusakunyengeni: Lizulu ali pamtunda, ndipo cheza cha dzuwa chimakula mphamvu malo akakwera, chimapyolanso mitambo. Khungu lakuda nalo limapsa, ndipo zipsera za ziphuphu zimaderatu. Finyirani mizere iwiri, pachala cholozera ndi chapakati, mudzole nkhope, makutu ndi khosi mphindi 15 musanatuluke. Musawasakanize ndi mafuta ena pachikhatho, amachepa mphamvu. Mayi wogulitsa kabichi ndi kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, akadzola 6 koloko, abwereze cha m'ma 8, 10 ndi 12, mpaka dzuwa litapendeka, makamaka akatuluka thukuta. Chipewa chotambalala chimathandizira.

Usiku dongosolo ndi lomwelo, kupatula oteteza ku dzuwa. Sambani bwino, fumbi la pamsika ndi utsi wa kukhitchini zichoke. Seramu wa retinolo ndi wa usiku pakhungu louma bwino: kadontho ngati nsawawa, kawiri pa sabata poyamba. Oyembekezera asamugwiritse ntchito. Pamwamba pake mafuta ofewetsa, ndipo vaselini uja abwere pomaliza, pang'ono, pamilomo ndi pomwe pasweka.

Za m'thumba tinene mosabisa. Botolo la 50 ml la oteteza ku dzuwa limatha mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono mukamadzola kamodzi patsiku. Wokhala padzuwa tsiku lonse limamuthera msanga. Seramu wa 30 ml amatha miyezi ingapo. Ndalama zikachepa, siyani tona, kenaka seramu; kilenza, mafuta ofewetsa ndi oteteza ku dzuwa n'zokwanira. Mafuta oyeretsa khungu asalowe nawo: ambiri amakhala ndi mankhwala opyapyalitsa khungu, ndipo dzuwa limaliotcha mosavuta.