Kuwerengera mabuloko a mpanda

Tiyerekeze kuti tikumanga mpanda pamalo otalika mamita 30, mulifupi mamita 20. Kuzungulira konse ndi mamita 100.

Buloko wamba wa simenti, tikaphatikiza ndi simenti yomangira, amatalika masentimita 40, msinkhu wake masentimita 20. Choncho pamzere umodzi, mamita awiri alionse amadya mabuloko asanu.

Tiyambe ndi maziko. Kuno ku Bwanje malo ambiri ndi a makande, dothi limene limafufuma kukagwa mvula ndi kung'aluka m'chilimwe. N'chifukwa chake maziko timawapitiriza ngakhale pansi pa mageti, kuti mbali ziwiri za khoma zigwirane. Mzere umodzi wa mamita 100 ufuna mabuloko 250, ndiye mizere iwiri yokwiririka ifuna 500. Mmisiri akaona kuti dothi lolimba lili pansi kwambiri, mzere uliwonse woonjezera ndi mabuloko 250 ena.

Pamwamba pa nthaka m'pamene timachotsera mageti. Geti la galimoto ndi mamita 4, la anthu mita imodzi, ndiye khoma latsala mamita 95. Mzere umodzi ufuna mabuloko 238. Khoma la mamita awiri ndi mizere 10, kutanthauza mabuloko 2,380.

Tikaphatikiza ndi maziko tipeza 2,880. Ena amasweka panjira, ena podula m'makona, choncho pa 100 alionse tionjezere asanu. Amenewa ndi 144, ndipo onse pamodzi ndi 3,024. Zipilala za mageti ziwerengedwe padera.

Woiwala maziko amaperewedwa mabuloko 500, ndipo amalipira lole kawiri.